Netiweki Ikazima pa Foni Yanu Chabe, Thamangani: Nkhani ya Simu Swapu

Kuno ku komboni netiweki ikathawa sitidabwa. Timangoti ni malaiti, kapena ni mvula, kapena kampani ili na vuto, tafaka foni m'thumba, tapitiliza na nchito. Nthawi zambili zimakhaladi choncho. Koma lelo nifuna tikambilane za tsiku limodzi lija pamene netiweki yazima pa foni yanu chabe, ya aneba ili bwino, ya mnzanu wa pa nchito ili bwino, ndipo imwe muli phee kuyembekeza kuti ibwele. Pa nthawi imeneyo nambala yanu ingakhale kuti ili kale mu foni ya munthu wina, ndipo munthuyo ali mkati mowelenga ndalama zanu.

Kuba kumeneku amakuchula kuti simu swapu. Si ufiti, ndipo kawalala safunika kugwila foni yanu olo kamodzi. Mukamvetsa m'mene kumasebenzela, muzadziwa chochita pa ola loyamba, ndipo ola loyambalo ndiye limanena ngati muzatsala na kanthu kapena ayi.

Ndalama sizili mu simu

Ambili timakamba kuti "ndalama zanga zili mu foni." Zoona zake, mu foni mulibe olo ngwee imodzi. Ndalama za Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel zimakhala mu makompyuta a kampani, zolembedwa pa nambala yanu. Ndalama za ku banki nazo zili ku banki. Simu ni kii chabe. Mukatumila *115#, kompyuta imaona kuti pempho lachokela pa nambala yanu, imafunsa PIN, ndipo PIN ikakhala yolondola chitseko chatseguka.

Manje ganizilani zimene zimachitika mukataya foni mu basi ya ku Chawama. Mumapita ku ofesi ya kampani na reji yanu, amakupatsani simu yatsopano pa nambala imodzimodzi, ndipo ndalama zanu mumazipeza zilipo. Simu yakale imafa pamenepo, chifukwa nambala imodzi siingasebenze pa masimu awili nthawi imodzi. Iyi ni nchito yabwino, ndipo tonse inatithandizapo.

Kawalala amasebenzesa njila yomweyi. Amadzionetsa ngati ndiye imwe, ati foni inasowa, ndipo nambala yanu amaisamutsila pa simu imene ili m'manja mwake. Kuyambila pamenepo mafoni anu onse na mameseji anu onse apita kwa iye. Pakati pa mamesejiwo pali aja a manambala achinsinsi amene banki imatuma, olembedwa kuti OTP. Banki ikatuma OTP imakhulupilila kuti ikukamba na imwe, chifukwa nambala ni yanu. Siiona nkhope ya amene wagwila foni.

Amatola zinthu zitatu

Simu yokha siikwana. Kuti adye bwino, kawalala afunika zinthu zitatu: nambala yanu, zimene zili pa reji yanu, na PIN yanu kapena njila yoisinthila. Zinthuzi amazitola pang'onopang'ono, nthawi zina kwa masabata, imwe osadziwa.

Nambala ni yosavuta. Ili pa chikwangwani cha saluni yanu, ili pa Facebook pamene munalemba kuti mugulitsa nkhuku. Akaifaka mu foni ngati afuna kukutumilani ndalama, dzina lanu lonse limaonekela pa sikilini asanatume kalikonse. Wapeza kale ziwili, nambala na dzina.

Za pa reji timazimwaza tokha. Fotokope imene munasiya pa geti pofuna nchito, chithunzi cha reji chimene munatuma pa WhatsApp kwa munthu amene analonjeza nchito ya ku maini kapena nkhongole yopanda chikole, buku la pa bufu limene limakhala lotseguka ndipo aliyense wosaina amaona dzina, nambala na reji ya amene anabwela patsogolo pake. Pa reji pali dzina, nambala ya reji, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu na boma. Munthu amene waloweza zimenezi angayankhe mafunso ambili ngati ndiye mwini wake.

Chotsala amachifuna pa foni. Amatuma na mawu aulemu, ati ni ogwila nchito ku kampani. Zokamba zake zimamveka motele: "Ba anti, tili kukonza ma nambala yonse kuti yankale pa 5G. Ngati simuzatipasa vamene tifuna, laini yanu izavalika lelo na ndalama zizasoba." Pamenepo amafunsa manambala amene mumatumila kawilikawili, tokotaimu imene munafaka komaliza, ndalama zimene zatsala, kapena manambala atali aja olembedwa pa simu penipeni. Awa ni mafunso a mtundu umene munthu wofuna simu yatsopano amafunsidwa kuti aonetse kuti nambala ni yake. Ndiye kuti kawalala akulemba mayeso, imwe mukumuuza mayankho.

Masiku ano polembetsa simu amajambula nkhope, ndipo zimenezi zinachepetsako mpata. Koma mpata sunatsekeke wonse. Pali mareji agong'a okhala na zanu koma chithunzi cha wina. Pali kunyengelela mwini nambala kuti awelenge yekha kodi imene yabwela pa meseji. Ndipo kulikonse kumene kuli ndalama, kungapezeke wa mkati mmodzi wolandila kangachepe kuti atseke maso. Chifukwa chake musanene kuti "ine sininapase munthu PIN, ndiye sizinganichitikile."

Tiyeni tiwelenge pamodzi

Tiyelekeze amai ena ogulitsa salaula ku Soweto Market, okhala ku Kanyama. Mu foni ali na K3,200 ya malonda a sabata. Ku banki ali na K14,000, chifukwa mwezi uno chilimba chinagwela iwo ndipo afuna kugula mabelo awili pa Mande. Akaunti ya ku banki inalumikizidwa na nambala yomweyo. PIN yawo ni 1986, chaka chimene anabadwa, ndipo kuti asaiwale anafaka yomweyo ku mobailo mane na ku banki.

Pa Chiwili alandila foni ya "ku kampani." Iwo ni ochenjela, PIN akana kupeleka. Koma manambala atatu amene amatumila kawilikawili anena, tokotaimu ya dzulo anena, chifukwa aona kuti zimenezi si chinsinsi. Wotumayo ayamika mwaulemu, ndipo awauza kuti pa Chisanu madzulo netiweki izavutako pang'ono, asade nkhawa, izabwela yokha kuseni. Onani nzelu yake. Wawapatsa kale chifukwa chokhalila chete.

Pa Chisanu, 17:40, netiweki yazima. Amai aja ali mkati molongedza katundu, akumbuka zimene anauzidwa, afaka foni mu chikwama.

Pa 18:10 kawalala atumila *115# pa simu yatsopano. PIN sanauzidwe, koma ali na fotokope ya reji, ndiye ayamba na chaka chobadwa. Yalowa pa kuyesa koyamba. K3,200 aituma ku nambala ina, yolembetsedwa pa reji ya munthu wina amene mwina sadziwa n'komwe kuti dzina lake lili pa nambala imeneyo. Asanatuluke ayang'ana pa nkhongole za pa foni. Amai aja amabweza bwino, ndiye aloledwa kukongola K900. Atenga nayonso.

Pa 18:30 alowa ku banki na kodi ya pa foni. PIN yomweyo yatsegula. Banki ituma OTP kuti itsimikize, ndipo OTP ifika m'manja mwake. Tinene kuti malile a akaunti imeneyi ni K8,000 pa tsiku. Achotsa K8,000 yonse, aigawa ku manambala angapo, ndipo anyamata ake aitapa pa mabufu osiyanasiyana, wina ku Chibolya, wina ku Matero, asanatseke.

Manje ayembekeza. Pa 00:05 tsiku lasintha, malile ayambilanso, ndipo K6,000 yotsala nayo yapita. Kuseni pa Chiwelu alowa mu WhatsApp ya amai aja, chifukwa kodi ya WhatsApp nayo imabwela pa meseji, ndipo alembela gulu la chilimba na achibale: "Nili ku chipatala na mwana, nitumileniko K500 nizabweza Mande."

Tiwelenge. K3,200 ya mu foni, K14,000 ya ku banki, pamodzi K17,200. Kuikapo nkhongole ya K900 imene yalembedwa pa dzina lawo, yakwana K18,100, osawelengela chiwongoladzanja na zimene achibale anatuma. Ndipo amai aja adziwa zonsezi pa Chiwelu 10 koloko, pamene mlongo wawo wafika pa nyumba kufunsa kuti mwana ali mu wodi iti.

Manje bwelelani pa wochi. Netiweki inazima 17:40, ndalama yoyamba inachoka 18:10. Panali mphindi 30. Ya ku banki inayamba kuchoka patapita mphindi 50. Ndipo K6,000 inakhala mu akaunti maola oposa asanu ndi limodzi ikuyembekeza kuti mwini wake atume foni imodzi chabe. Akanatuma ku banki olo 21 koloko, belo imodzi ikanapulumuka. N'chifukwa chake akawalala amakonda madzulo, Chisanu, maholide na kutha kwa mwezi: maofesi atseka, malipilo alowa, ndipo anthu amati "nizaona mailo."

Makampani ena na mabanki ena amaimitsa akaunti kwa kanthawi simu ikangosinthidwa. Ni chitetezo chabwino, koma musagonele pamenepo. Simudziwa ngati chizagwila pa zitseko zonse zimene nambala yanu imatsegula, ndipo kanthawi kameneko kamatha imwe mukali kuyembekeza netiweki.

Mungadziwe bwanji kuti si malaiti chabe?

Mayeso ake satenga mphindi zisanu, ndipo safuna katswili.

Choyamba, funsani munthu ali pafupi amene ali pa kampani imodzi na imwe. Ngati nonse mulibe netiweki, ni vuto la dela, pumulani. Ngati iye ali nayo yodzaza ndipo imwe mulibe, pitilizani.

Zimitsani foni na kuiyatsanso. Yang'anani zolembedwa pamwamba. Mawu monga "No service", "Emergency calls only", "SIM not provisioned" kapena "SIM registration failed" amene sachoka olo mwayenda kufika pa msewu, ni chenjezo. Chotsani simu muifake mu foni ina. Ikasebenza kumeneko, vuto ni foni yanu. Ikakana kumenekonso, vuto lili pa simu.

Simu ingafe yokha na ukalamba kapena madzi, ndiye pali yeso lomaliza. Tengani foni ya mnzanu mutume pa nambala yanu. Ngati mukumva kuti ikuitana koma foni ili m'manja mwanu ili zii, kapena wina wayankha, nkhani yatha, nambala yanu ili kwina. Koma ikamveka kuti ni yozima musanene kuti muli bwino, chifukwa kawalala angazimitse foni kapena kukana mafoni obwela. Simu imene yakana mu mafoni awili, pa malo pamene ena ali na netiweki, itengeni ngati yabedwa mpaka kampani ikuuzeni zina.

Pali zinthu ziwili zimene zimapusitsa anthu. Choyamba ni Wi-Fi. Mukakhala pa Wi-Fi ya ku nchito, WhatsApp na Facebook zimapitiliza kusebenza olo simu yafa, ndiye mungathe tsiku lonse osaona kanthu. Chachiwili ni foni ya masimu awili. Ambili tili na laini ya mabando na laini ya ndalama. Ya mabando ikamasebenza, sitiyang'ana ngati inzake ili moyo. Zoloweleni kuponya diso pa tumizele tonse tuwili.

Ndipo pali zizindikilo zobwela simu isanafe: meseji yonena kuti pempho losintha simu lalandilidwa pamene imwe simunapemphe, ma OTP obwela okha, kapena mafoni ambilimbili ochokela ku manambala achilendo mpaka mutope muzimitse foni. Kutopetsako ni dala. Afuna muzimitse kuti musaone nthawi imene netiweki yachoka.

Ola loyamba

Musayambe na kupita ku polisi, musayambe na kulemba pa Facebook. Yambani na kutseka pamene ndalama zikutulukila.

Bwelekani foni ya munthu amene ali pa kampani imodzi na imwe, mutume 111. Nakamba kuti kampani imodzi chifukwa 111 imakufikitsani ku kampani ya simu imene mwatumila. Mukafika kwa munthu, musazungulile. Nenani kuti: "Nambala yanga yachitidwa simu swapu popanda chilolezo changa. Tsekani simu na akaunti ya mobailo mane manje manje." Chulani zonse ziwili, simu na akaunti. Azakufunsani mafunso otsimikiza kuti ndimwe, ndiye reji ikhale pafupi. Musadule foni musanapatsidwe nambala ya lipoti lanu, ndipo lembani nthawi imene mwatuma.

Nthawi yomweyo tumani ku banki. Nambala yake ili kumbuyo kwa kadi yanu ya ATM. Musatenge nambala pa ndemanga za pa Facebook, chifukwa kumeneko nakonso akawalala amachela misampha. Apa pali cholakwa chimene ambili amachita: amangoti "tsekani kadi." Kadi ingatsekedwe koma njila ya pa foni ikali yotseguka. Nenani kuti atseke zonse, kadi, apu, kodi ya pa foni na intaneti, ndipo kuti pasachoke ndalama iliyonse mpaka mufike nokha na reji. Ngati muli na maakaunti ku mabanki awili, tumani konse.

Muyambe kuti, ku kampani kapena ku banki? Mukakhala awili, wina atume uku wina uku. Mukakhala nokha, yambani kumene kuli ndalama zambili. Amai a salaula aja akanayamba na banki.

Ngati ndalama zachoka kale, funsani kuti zapita ku nambala iti kapena akaunti iti, ndipo pemphani kuti aimitse kumene zafikila. Ndalama ikakhala ikali mu akaunti ya wolandila, pali mwayi woigwila. Ikatapidwa pa bufu n'kukhala ya m'manja, madzi atayika. Apa ndiye mphindi zili na mtengo.

Mukatseka, chenjezani anthu. Tumani kwa akazi anu kapena amuna anu, amai, abwana ku nchito, na amene amasunga buku la chilimba kapena vileji banki. Mawu ake ni ochepa: "Nambala yanga yabedwa, musatume ndalama, musayankhe." Uzani mmodzi alembe m'magulu onse a WhatsApp amene mulimo. Manyazi asiyeni pambali. Munthu amene abisa kuti wabeledwa amabeletsa na abale ake.

Kukacha

Ofesi ikangotsegula, pitani ku ofesi yeniyeni ya kampani na reji yanu yeniyeni, osati fotokope. Tengani na simu yakufa ija, musaitaye, ni umboni. Akakubwezelani nambala pa simu yatsopano, ya kawalala imafa. Koma musatuluke na chimwemwe chabe. Funsani tsiku, nthawi na malo kumene simu inasinthidwila, ndipo lembani dandaulo kuti simunapemphe ndimwe. Pemphani sitetimenti ya mobailo mane yoonetsa zonse zimene zinachitika, na nambala ya tilanzakishoni iliyonse. Sinthani PIN pamenepo musanafake ndalama ina.

Ku banki chitani chimodzimodzi. Tengani sitetimenti, lembani kalata yokana ndalama zimene simunatume ndimwe, ndipo kope yanu aidinde. Funsani ngati pa akaunti panaonjezedwa foni yachilendo kapena wolandila watsopano, azichotse. Sinthani PIN na pasiwedi zonse.

Na mapepala amenewa m'manja, manje pitani ku polisi. Lipoti lokhala na nthawi, manambala na ndalama zake limayenda kusiyana na longoti "ananibela pa foni." Kampani siingakupatseni imwe dzina na keyala ya mwini nambala imene inalandila ndalama, koma apolisi ali na njila ya lamulo yofunsila zimenezo. Sungani kope ya lipoti, chifukwa banki na okongoza azaifuna.

Nambala imene inakutumilani foni yabodza ija, ipelekeni pa *707#, njila imene ZICTA inakhazikitsa yonenela manambala a akathyali. Ngati kampani ya foni ikukuzungulitsani pa dandaulo lanu, ZICTA ili na nambala yaulele, 7070. Ngati vuto lili pa ndalama, ndipo banki kapena a mobailo mane sanakuyankheni mokhutilitsa, dandaulo lingapite ku Bank of Zambia, amene amayang'anila mabanki na njila zotumila ndalama. Konseku azafunsa ngati munayamba mwadandaula kwa eni ake, n'chifukwa chake nambala ya lipoti na kalata yodindidwa zili zofunika.

Nkhongole ija musaiiwale. K900 imaoneka yaing'ono pafupi na K14,000, koma ikakhala osabwezedwa imakula, ndipo dzina lanu lingalembedwe pa anthu osabweza nkhongole. Tsiku limene muzafuna loni yeniyeni muzakanidwa chifukwa cha ndalama imene simunadye. Ikaneni mwa kulemba, na lipoti la polisi pamwamba.

WhatsApp imabwela mukailembetsanso na nambala yanu. Kodi ya manambala 6 ikafika pa simu yanu yatsopano n'kuifaka, kawalala amatulutsidwa. Ngati anafakako PIN yake pa Two-step verification, mungayembekeze masiku 7 kuti mulowe, koma iye amakhala atatuluka kale. Onaninso imelo na Facebook, chifukwa pasiwedi zake zimasinthidwa na kodi ya pa meseji.

Kodi zizabwela?

Apa sinizakunamizani. Nthawi zina zimabwela, nthawi zambili zimavuta. Zimadalila zinthu ziwili: ngati ndalama inagwidwa isanatapidwe, na kuti chitseko chinatseguka chifukwa cha ndani. Ngati munawelengela munthu PIN kapena OTP na pakamwa panu, azakuuzani kuti munapeleka kii nokha. Ngati simu inapatsidwa kwa munthu wosakhala imwe popanda kufufuza bwino, dandaulo lanu lili na miyendo. Ndipo ndalama iliyonse imene inachoka pambuyo pa nthawi imene munatuma kuti atseke, muli na poimila polimba poifunsa. N'chifukwa chake nakamba kuti lembani nthawi.

Chenjelaninso na fisi wachiwili. Patapita masiku angapo wina angatume, ati ni wa ku polisi kapena wa ku ZICTA, ati ndalama zanu zapezeka, tumani K300 yotsegulila faelo. Kawilikawili ni gulu lomwelo, labwelela kuzakukula zotsala. Wobweza ndalama zanu safuna kuti muyambe mwamutumila zina.

Zochita lelo, foni ikali bwino

Ngati PIN yanu ni chaka chobadwa, manambala a pa reji, othela a foni yanu, kapena 1234, isintheni musanamalize kuwelenga peji ino. Ya mobailo mane ikhale ina, ya ku banki ina. Mu nkhani ya amai aja, kawalala akanapeza simu koma PIN n'kumukana, akanafunika kuyamba njila yoisintha, ndipo njila imeneyo imadya nthawi na kubweletsa mafunso ena. Nthawi imeneyo ni yanu.

Dziwani kusiyana kwa ma PIN. Ija yokhoma simu penipeni, imene foni imafunsa mukaiyatsa, imathandiza foni ikabedwa. Pa simu swapu siithandiza, chifukwa kawalala ali na simu ina. Loko ya chala kapena ya nkhope nayo imateteza foni, osati nambala.

Tumilani *101# muone kalembetsedwe ka simu yanu. Mukapeza dzina losakhala lanu, kapena mukadziwa kuti pa reji yanu pali nambala imene simuidziwa, pitani ku ofesi akakonze. Nambala zotele ndizo zimalandila ndalama zakuba, ndipo apolisi akayamba kufufuza amagogoda pa chitseko cha mwini reji.

Popeleka fotokope ya reji, lembani modutsa pamwamba pake tsiku na chifukwa chake, monga "ya kufunsila nchito ya ulonda chabe." Pa bufu musakuwe PIN, ndipo musapatse ejenti foni kuti akufakileni. Ku banki pemphani kuti machenjezo azibwelanso pa imelo, ndipo ngati simutuma ndalama zambili pa tsiku, tsitsani malile. Amai aja akanakhala na malile a K2,000, usiku uja ku banki kukanachoka K4,000 chabe m'malo mwa K14,000.

Ngati munasiya nambala yakale, ichotseni ku banki na ku WhatsApp, chifukwa nambala yosasebenza nthawi yaitali imapatsidwa kwa munthu wina, pamodzi na mameseji anu.

Chomaliza, tengani pepala na bopeni. Lembani 111, nambala ya banki yanu, nambala ya akaunti, na manambala a anthu atatu apafupi. PIN musalembepo. Pepala limeneli lisakhale mu foni, likhale pamodzi na reji. Tsiku la vuto mutu umazungulila, ndipo ambili a ise sitinaloweze olo nambala ya amai athu.

Ndipo wina akatuma ati ni wa ku kampani, olo adziwe dzina lanu lonse na mudzi wanu, yankho ni limodzi: "Zikomo bwana, nizatuma neka pa 111." Mudule. Wa kampani weniweni sazakwiya. Amene azayamba kukuopsezani kuti laini izatsekedwa pa mphindi khumi, mwamudziwa kale kuti ni ndani.

Mukamaliza kuwelenga, fotokozelaniko ambuya na amalume aja amene amalandila penshoni kapena ndalama za ana pa foni, ndipo muwaonetse pamene tumizele twa netiweki tumakhala pa sikilini. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tionane sabata ya mawa.